Fomu ya kasitomu ya Chipwitikizi: kalaliki wathu angokopera manambala?

"Bambo, ndimagwira ntchito ku ofesi ya ejenti wokiliya katundu. Popeza ndimadziwa Chipwitikizi, abwana andipatsa fomu ya kasitomu yochokera ku Portugal kuti ndiyimasulire. Katundu wake ndi mapampu a madzi 20 ndi mapanelo a sola 50, ndipo pa invoisi alemba 12.500,00 EUR, EXW. Akufunanso ndimufotokozere kalaliki wathu watsopano za nambala ya tarifi, mtengo wa katundu ndi dziko limene katunduyo wachokera, chifukwa ndi iye adzalembe fomu yathu yolowetsera katundu. Chilankhulocho ndikuchidziwa, koma za kasitomu ndine mlendo. Kodi angokopera manambala ali pafomupo? Ndikuopa kumusocheretsa mwana wa eni."

Mayi, mtima pansi. Mawu a pafomu ya kasitomu ndi ochepa ndipo amangobwerezabwereza, moti mukamasulira imodzi bwinobwino zotsatirazo simudzavutika nazo. Koma pa funso la kukopera, yankho ndi lakuti ayi, asakopere. Fomu ili m'manja mwanuyo anailembera a kasitomu a ku Portugal, kuwauza za katundu amene akutuluka m'dziko mwawo. Kalaliki wanu akalembera a kasitomu ena, amene ali ndi buku lawo la tarifi, malamulo awo a mtengo, ndiponso msonkho woti atolere. Fomu ya kunjayo ndi umboni womuthandiza, koma mayankho atatu amene abwana anu atchulawo ayenera kuwapeza yekha kuchokera pa invoisi, pa mndandanda wa zolongedza, pa chikalata cha sitima ndi pa katundu weniweniyo. Ntchito yanu ili pawiri: kumasulira osasintha kanthu, kenako kumuonetsa pamene fomuyo ingamunamize ngakhale kuti palibe bodza lililonse lalembedwapo.

Tiyambe ndi kumasulirako. Mafomu ambiri a kasitomu anatengera fomu imodzi ya mabokosi 54, imene m'Chipwitikizi amaifupikitsa kuti DAU, ndipo pulogalamu ya pakompyuta ya kasitomu yotchedwa ASYCUDA, imene UNCTAD, bungwe la United Nations loona za malonda, linapanga ndipo mayiko ambiri amaigwiritsa ntchito, inatsatira manambala omwewo. Ngati fomu yanu ili ndi manambala a mabokosi, asungeni ndendende, ndipo tsamba lanu lomasulira liyalidwe monga loyambalo, kuti kalaliki aziika mapepala awiriwo pambali n'kumayendetsa chala. Bokosi 31 ndi lofotokoza katundu, 33 ndi la nambala ya tarifi, 34 ndi la dziko limene katundu anapangidwira, 22 ndi la ndalama za pa invoisi, 46 ndi la mtengo wa chiwerengero. Akazolowera manambala amenewa, tsiku lina adzawerenga fomu ya Chifalansa kapena ya Chijeremani asanaitane womasulira.

Zomasulira ndi mitu ya mabokosi, mawu ofotokoza katundu, mawu a pa zidindo ndi chilichonse cholembedwa pamanja. Zosiya momwe zilili ndi manambala onse, mayina a makampani ndi maadiresi awo, mayina a mitundu ya makina, ndi zilembo zachidule monga EUR, EXW, PT kapena CN. Pamene sipakuwerengeka lembani kuti sipakuwerengeka, musalote. Ndipo mukapeza cholakwika pafomu yoyambayo, tinene kuti fomu ikuti mapaketi 14 pamene mndandanda wa zolongedza ukuti 15, musachikonze pomasulira. Lembani 14 yemweyo, kenako papepala lapadera muwauze abwana kuti manambala akusiyana. Womasulira akakonza mwakachetechete amafufuta chizindikiro chokhacho chimene chikanachenjeza ofesi kuti ifunse wogulitsa katundu asanafike padoko.

Malo awiri amagwetsa ngakhale odziwa chilankhulo. Oyamba ndi kalembedwe ka manambala. Apwitikizi amaika kadontho pamene ena amaika chizindikiro cha koma, ndipo amaika chizindikiro cha koma pamene ena amaika kadontho, choncho 12.500,00 ndi mayuro 12,500, osati mayuro khumi ndi awiri ndi theka. Pa ndalama cholakwikacho chimaonekera msanga, koma pa kulemera chimabisala: 1.200 kg akhoza kulowa m'kompyuta ngati kilogalamu imodzi ndi kachidutswa, munthu osazindikira mpaka kontena itakwera pasikelo. Ine ndimasiya nambala momwe yalembedwera n'kuika chenjezo limodzi pamwamba pa tsamba lofotokoza kalembedweko. Achiwiri ndi mabokosi 35 ndi 38, olembedwa "massa bruta" ndi "massa líquida". Loyambalo ndi kulemera kwa katundu pamodzi ndi zolongedzera zake, lachiwirilo ndi kulemera kwa katundu payekha. Za madzimadzi palibepo, ngakhale kuti katundu wanu ndi mapampu a madzi. Muuzeni kalaliki kuti nambala ya m'bokosi 38 siingapose ya m'bokosi 35, ndipo ikaposa ndiye kuti wina wasinthanitsa.

Tsopano nambala ya tarifi. Mufotokozereni kuti pafupifupi dziko lonse limagwiritsa ntchito ndondomeko imodzi yotchedwa HS, imene imasamalidwa ndi bungwe la kasitomu la dziko lonse, WCO, ku Brussels, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1988. Nambala yake imawerengedwa awiriawiri. Pa mapampu anu mwina mupeza zotere:

```
33  8413 70 29
34  PT
```

Manambala awiri oyamba, 84, ndi mutu wa makina. Anayi oyamba, 8413, ndi mapampu a zamadzimadzi. Asanu ndi limodzi, 8413.70, ndi mapampu oponya madzi ndi kagudumu kozungulira kokhala ndi mapiko, kamene pano ndizikatchula kuti chipupa. Mpaka pamenepa mayiko onse otsatira HS amagwirizana. Awiri otsalawo, 29, ndi a mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya okha, ndipo kwa iwo akutanthauza pampu yomira m'madzi yokhala ndi zipupa zingapo. M'buku la tarifi la dziko lolandira katundu, 29 akhoza kukhala kulibe, kapena akhoza kutanthauza chinthu china chokhala ndi msonkho wina. Choncho kalaliki atenge asanu ndi limodzi oyambawo, atsegule buku la tarifi la dziko lake, apeze yekha mchira woyenera.

Ngakhale asanu ndi limodziwo asawameze osatafuna. Wogulitsa potulutsa katundu kawirikawiri salipira msonkho, choncho alibe chomukakamiza kusankha nambala mosamala, ndipo ena amangotenga imene anagwiritsa ntchito chaka chatha. Apa ndi pamene kumasulira kwanu kwa bokosi 31 kuli ndi mphamvu. Fomu ikangoti "bombas", inunso mulembe kuti mapampu, osawonjezera, koma muuze kalaliki kuti mawu amenewa sakukwana. Pampu ya mpweya ili pa 8414, osati 8413. Ndipo pakati pa mapampu a madzi omwe, ambiri oyendera sola a m'zitsime zakuya alibe chipupa choponya madzi, ali ndi chitsulo chopotana chimene chimakankha madzi pozungulira, ndipo amenewo malo awo ndi 8413.60. Kunja amaoneka ofanana: chitsulo chachitali chonyezimira chokhala ndi waya. Chosiyanitsa chili papepala la wopanga lofotokoza kagwiridwe ntchito ka makinawo. Kalaliki aphunzire kulipempha pepala limenelo nthawi zonse, ndipo ngati lili m'Chipwitikizi, mizere yonena za mtundu wa pampu, mphamvu ya mota ndi zipangizo zake muimasulirenso.

Mafunso amene ndimaphunzitsa kalaliki aliyense ndi omwewo pa katundu aliyense: ndi chiyani, n'chopangidwa ndi chiyani, chimagwira ntchito bwanji, ndipo chafika chili motani. Funso lomalizali anthu amalipeputsa. HS ili ndi malamulo asanu ndi limodzi owerengera buku la tarifi, ndipo lachiwiri limati chinthu chobwera chomasulamasula, kapena chosamalizidwa koma chooneka kale kuti ndi chiyani, chimalowa pa nambala ya chinthu chathunthu. Pampu ikafika mota ili m'bokosi lina, thupi lake m'bokosi lina, ikadali pampu. Koma zipupa zapadera zosinthira zimene wogulitsa waponyamo zili ndi nambala yawo, 8413.91, ndipo zimafuna mzere wawo pafomu. Muchenjezeninso kuti asamangosaka dzina la katundu pakompyuta n'kutenga nambala yoyamba kutuluka. Lamulo loyamba limati chogamula ndi mawu a pamutu wa manambala anayi pamodzi ndi mawu ofotokozera amene ali kumayambiriro kwa gawo ndi kwa mutu uliwonse. Mawu ofotokozerawo ndi amene amanena zinthu zimene sizilowa m'mutuwo, ndipo makalaliki ambiri sawawerenga.

Mapanelo a sola ali ndi phunziro lawo. HS imakonzedwanso pafupifupi zaka zisanu zilizonse, ndipo pa kukonza kwa 2022 nambala yakale 8541.40 inagawidwa, mapanelo n'kupita pa 8541.43. Mayiko sasinthira ku buku latsopano tsiku limodzi, komanso ogulitsa ena amasiya nambala yakale pa invoisi kwa zaka. Ndiye kalaliki akaona 8541.43 pafomu koma 8541.40 pa invoisi, asaganize kuti ndi katundu wosiyana. Aone buku limene dziko lake likugwiritsa ntchito panopa, ndipo pulogalamu ya kasitomu ikakana nambala, chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala chimenechi. Popeza mapampu ndi 20, mapanelo 50, aliyense ndi mtengo wake pa invoisi, ine ndikanawalemba mizere iwiri yosiyana. Zikanakhala kuti pampu iliyonse yalongedzwa pamodzi ndi panelo yake, waya ndi kabokosi kowongolera magetsi ngati chinthu chimodzi chogulitsa, nkhaniyo ikanavuta, ndipo si ya kalaliki watsopano kuigamula.

Pa mtengo ndi pamene ndikufuna mukhalitse naye, chifukwa apa ndi pamene ofesi zimalipira zindapusa zambiri. Pamapepala anu pali mitengo iwiri yooneka, ndipo umene akufuna a kasitomu ndi wachitatu, umene sunalembedwe paliponse. Woyamba ndi wa pa invoisi, umene uli m'bokosi 22. Wachiwiri ndi wa m'bokosi 46, "valor estatístico", umene dziko lotumiza limagwiritsa ntchito powerengera malonda ake akunja: ndi mtengo wa katundu atafika pamalire a dziko lawolo. Wachitatu ndi mtengo wa kasitomu, umene msonkho umawerengedwapo. Mayiko a m'bungwe la malonda la dziko lonse, WTO, amatsatira pangano limodzi pa nkhaniyi. Poyambira pake ndi ndalama zimene wogula walipiradi kapena adzalipire pa katunduyo, kenako amawonjezerapo zinthu zina ngati sizinalowe kale mu invoisi. Panganolo linasiyira dziko lililonse kusankha ngati ndalama za mayendedwe ndi inshuwalansi zilowe. United States, Canada ndi Australia saphatikiza ulendo wa panyanja, koma mayiko ambiri amaphatikiza zonse mpaka pamalo olowera katundu. Kalaliki adziwe lamulo la dziko lake pa mfundo imeneyi asanagwire kakyuleta, makamaka malo enieni amene kuwerengera mayendedwe kumathera.

Zilembo zitatu za m'bokosi 20 ndi zimene zimamuuza zimene zili kale mu invoisi. Zimachokera pa malamulo a Incoterms, amene mtundu wake wa 2020 uli ndi mawu 11. EXW ikutanthauza kuti wogulitsa wapereka katundu pakhomo la fakitale yake, zonse zotsatira ndi za wogula. FOB ndiye kuti wamufikitsa m'sitima padoko lotumizira. CIF ndiye kuti walipira sitima ndi inshuwalansi mpaka doko lotchulidwa. Pomasulira musasiye dzina la malo lolembedwa pambali pa zilembozo, chifukwa CIF yopanda dzina la doko siuza munthu pamene ndalama za wogulitsa zathera.

Tiyeni tiwerengere katundu wanuyu. Manambala ena ndangowaika kuti chitsanzo chiyende, enieni muwatenge pamapepala. Tinene kuti mapampu ndi mayuro 400 iliyonse, onse pamodzi 8,000, ndipo mapanelo ndi mayuro 90 iliyonse, onse pamodzi 4,500. Invoisi yakwana 12,500. Lole yochokera kufakitale kupita kudoko, pamodzi ndi kukweza m'sitima, yadya 300. Sitima yadya 1,400, inshuwalansi 100. M'bokosi 46 la fomu ya Chipwitikizi, mizere iwiriyo mukaiphatikiza, mupeza 12,800, chifukwa kwa iwo ulendo umathera padoko lawo. Koma m'dziko lophatikiza mayendedwe ndi inshuwalansi, mtengo wa kasitomu ndi 14,300. Kalaliki akakopera bokosi 22 wachepetsa mtengo ndi 1,800, akakopera bokosi 46 wachepetsa ndi 1,500. Kwa wofufuza wa kasitomu zonsezi ndi kuchepetsa mtengo, ndipo sizivuta kugwira: amangoona EXW pa invoisi n'kuona kuti malo a mayendedwe pafomu ali opanda kanthu.

Sizinathere pomwepo, chifukwa 1,800 uja ayenera kugawidwa pa mizere iwiri. Tikagawa potsata mtengo, mapampu ali ndi 64 peresenti ya invoisi, choncho atenga 1,152 n'kukhala 9,152, mapanelo atenga 648 n'kukhala 5,148. Tikagawa potsata kulemera, tinene mapampu akulemera makilogalamu 600, mapanelo 1,200, ndiye mapampu atenga 600 n'kukhala 8,600, mapanelo atenga 1,200 n'kukhala 5,700. Njira zonse ziwiri zikuthera pa 14,300. Koma tiyerekeze kuti mapampu ali ndi msonkho wa 10 peresenti pamene mapanelo alibe msonkho. Njira yoyamba ibala msonkho wa mayuro 915.20, yachiwiri 860. Mukamuonetsa zimenezi kalaliki wochenjera maso ake amawala, ndipo ndi pomwepo muyenera kumuuza kuti kusankha njira si kwake: atsate zimene malamulo a dziko lake amanena, azichita chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo pepala lowerengeralo alisunge mu fayilo. Mumuonetsenso kuti msonkho wa VAT kawirikawiri umawerengedwa pa mtengo wa kasitomu ataphatikizapo msonkho wolowetsera, moti cholakwika cha poyamba chimakula chikamatsika m'munsi.

Posintha mayuro kupita ku ndalama za dziko lake agwiritse ntchito mlingo umene a kasitomu alengeza pa nthawiyo, osati wa kubanki imene wogula analipirira, ndiponso osati wa m'bokosi 23 la fomu yakunja.

Pa invoisi pakhoza kukhala timizere tating'ono timene womasulira waulesi amadumpha, koma ndi timene timasintha mtengo. Kuchotsera mtengo kumene wogulitsa anapereka pa malonda omwewa kumalandiridwa, koma ngati wachotsa ndalama pobweza ngongole ya katundu wakale, ndalamazo zimabwerera pa mtengo. Ndalama zolongedzera zimalowa. Komishoni ya munthu wogulitsira wogulitsa imalowa, koma ya munthu amene wogula anamutuma kukamugulira siilowa. Ndalama zodzaikira mapampuwo katundu atalowa kale sizilowa, bola zilembedwe padera. Ndipo mukaona "sem valor comercial" pa zipupa zosinthira zaulere, masulirani momwemo kuti zilibe mtengo wa malonda, koma kalaliki adziwe kuti kwa a kasitomu palibe katundu wopanda mtengo. Zaulerezo zimapatsidwa mtengo potsata njira zina za m'pangano lija, kuyambira pa mtengo wa katundu wofanana ndendende amene analowapo kale. Njirazo zonse ndi zisanu ndi imodzi ndipo zimatsatidwa mwa dongosolo, munthu sangodumphira imene yamukomera.

Za dziko lochokera, vuto limayambira pakamwa pathu pomwe, chifukwa timati katundu wachokera ku Portugal kaya tikunena kumene anakwerera sitima kaya kumene anapangidwira. Fomu imasiyanitsa. Bokosi 15 ndi dziko lotumiza, pamene 16 ndi 34 ndi dziko lopangidwira. Pomasulira sankhani mawu awiri osiyana ndipo musawasinthe mpaka kumapeto: ine ndimalemba "dziko lotumiza" ndi "dziko lopangidwira". Kalaliki mumuuze kuti katundu ali ngati munthu wapaulendo, amene basi waikwerera pena koma kwawo ndi kwina. Mapanelo ambiri a sola padziko lapansi amapangidwa ku China, ndiye musadabwe kuona CN m'bokosi 34 la mzere wachiwiri pamene bokosi 15 likuti Portugal. Kukhala m'nyumba yosungira katundu ku Ulaya, kulipiridwa msonkho kumeneko, kulongedzwanso kapena kumatidwa chizindikiro chatsopano, zonsezi sizisintha kwawo kwa katundu. Bokosi 34 likakhala lopanda kanthu, asalembe PT pongoganiza. Afunse wogulitsa, ndipo aone zolembedwa pakatundu.

Zilembo ziwiri za mayiko aziona pamndandanda, asamalote potengera dzina. CN ndi China koma CH ndi Switzerland. AT ndi Austria, AU ndi Australia. ZA ndi South Africa pamene SA ndi Saudi Arabia, ndipo ameneyu wapweteka makalaliki ambiri.

Mapampuwo ndi amene angafune kuganiza. Tinene kuti mota zake zinapangidwa kwina, koma thupi, zipupa ndi kulumikiza zonse zinachitikira ku Portugal. Katundu wotere amatenga dziko limene kunachitikira ntchito yaikulu yomaliza yomusandutsa chinthu chatsopano. Poyeza zimenezi malamulo ena amaona ngati nambala ya tarifi yasintha: mota yalowa mufakitale ili pa 8501, yatuluka ili mbali ya pampu ya pa 8413. Malamulo ena amaona gawo la mtengo limene lawonjezedwa m'dzikomo, monga mwa njira imodzi ya COMESA, mgwirizano wa malonda wa mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, imene imafuna 35 peresenti. Apa mukuonanso chifukwa chake nambala ya tarifi imayamba kupezedwa: ikalakwika, lamulo la dziko lopangidwira limene kalaliki awerenge likhalanso lolakwika.

Mumusiyanitsirenso zinthu ziwiri zimene amazisokoneza ngakhale akale pantchito. Kulemba dziko lopangidwira m'bokosi 34 n'kofunika pa katundu aliyense. Kupempha msonkho wotsika chifukwa cha pangano la malonda, kumene kumalembedwa m'bokosi 36, ndi nkhani ina. Kumafuna kuti pakhale pangano pakati pa mayiko awiriwo, kuti katunduyo akwaniritse lamulo la panganolo, ndiponso kuti pakhale umboni wa mtundu umene panganolo limatchula, monga satifiketi ya EUR.1 kapena mawu a wogulitsa olembedwa pa invoisi m'mapangano ena a ku Ulaya. Satifiketi wamba yodindidwa ndi bungwe la amalonda imangotsimikiza kumene katundu anapangidwira, siitsitsa msonkho. Mukapeza satifiketi m'mapepalamo, masulirani mutu wake ndendende, ndipo muone ngati ikutchula mizere yonse iwiri kapena mapampu okha. Kalaliki akaika pempho la msonkho wotsika pa mapanelo a CN chifukwa choti abwera mu kontena imodzi ndi mapampu a PT, katundu akhoza kutuluka bwinobwino, koma a kasitomu amabwera kudzafufuza mafayilo patapita zaka, ndipo pamenepo amafuna msonkho wotsalawo ndi chindapusa pamwamba.

Pomuphunzitsa, musamuwerengere fomu kuyambira bokosi 1 mpaka 54, agona. Yalani patebulo invoisi, mndandanda wa zolongedza, chikalata cha sitima, pepala la inshuwalansi, satifiketi ngati ilipo, ndi fomu yanu yomasulira. Mupatseni pepala lopanda kanthu kuti pa mzere uliwonse wa katundu alembe nambala ya tarifi, mtengo wa kasitomu ndi dziko lopangidwira, ndipo pambali pa yankho lililonse alembe pepala limene walitengapo. Akamaliza ndi pamene ayerekeze ndi fomu ya Chipwitikizi, n'kufotokoza ndi pakamwa pake chifukwa chake mayankho ake akusiyana nayo. Akatha kukuuzani chifukwa chake 14,300 si 12,800, wamva. Pomwepo aonenso ngati kuchuluka kwa mapaketi, kulemera ndi nambala ya kontena zikufanana pamapepala onse, pakuti kusiyana kwa zimenezi ndi kumene kumachititsa kuti kontena itsegulidwe.

Pali malire a zimene inu ndi kalaliki mungathe. Musanayambe, funsani ngati a kasitomu akufuna kumasulira kotsimikizidwa ndi womasulira wolumbira, chifukwa ngati ndi choncho kwanuko kudzangothandiza mu ofesi. Fomu yolowetsera isatumizidwe asanaione mwini layisensi ya ofesi yanu, popeza siginecha ya m'bokosi 54 ndi imene imayankha mlandu. Pitani nazo kwa iye mukaona kuti wogula ndi wogulitsa ndi makampani apachibale, kuti pali ndalama zolipirira dzina kapena luso la wopanga, kuti wogula anatumiza zipangizo zake kufakitale, kapena kuti pali ma invoisi awiri a mitengo yosiyana. Ngati nambala ya mapampu ikukayikitsabe pakati pa 8413.60 ndi 8413.70, ndipo kasitomala wanu aziitanitsa kawirikawiri, ofesi ipemphe chigamulo cholembedwa kwa a kasitomu katundu wina asanabwere. Pangano la WTO lofewetsa malonda, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, limauza mayiko kuti azipereka zigamulo zotere pa nambala ya tarifi ndi pa dziko lopangidwira. A kasitomu akakana mtengo umene mwalemba, wolowetsa katundu ali ndi ufulu wopempha kuti amufotokozere polemba mmene apezera wawo, wotulutsa katundu atasiya chikole pamene nkhani ikukambidwa, ndiponso wochita apilo. Ndipo kalaliki akazindikira cholakwika fomu itapita kale, auze abwana tsiku lomwelo kuti apemphe kukonza, chifukwa malamulo a mayiko ambiri amachepetsa chilango kwa amene waulula yekha a kasitomu asanachipeze.